"Moni" basi, kenako zii: kodi wotumizayo akufuna chiyani?

Foni ikanjenjemera m'thumba, munthu amayembekezera nkhani. Koma nthawi zambiri ukatsegula WhatsApp umapeza liwu limodzi lokha: "Moni." Ena amalemba "Hi", ena "Bho", ena "Mulipo?", ndipo ena amangoika kachithunzi ka dzanja lobayibitsa. Pansi pake palibe kanthu. Umadikira pang'ono poganiza kuti mwina mnzako akulembabe, koma kumangoti zii mpaka foni kuzima yokha.

Kauthenga kameneka kamagawa anthu pawiri. Alipo amene kamawapsetsa mtima: munthu wandiimitsa ntchito, wandigwiritsa foni, koma sanandiuze chimene akufuna. Alipo enanso amene amadabwa kuti pali chodandaulitsa apa, chifukwa kwa iwo kuyamba ndi pempho munthu asanakuyankhe moni ndi mwano weniweni. Magulu awiri onsewa ali ndi mfundo, ndipo nthawi zambiri amapezeka m'banja limodzi kapena mu ofesi imodzi. Chimene ine ndimaona n'chakuti moni wayekhayu kawirikawiri sakhala kupanda ulemu kapena ulesi. Ndi chizolowezi chabwino cha pamaso ndi pamaso chimene chalowa m'chida chomwe sichinapangidwire chizolowezicho, ndipo munthu akadziwa pamene ziwirizi zikusemphana, amatha kuwerenga moniyo popanda kukwiya komanso popanda kupusitsidwa.

Ndi odi, si uthenga

Munthu akafika pakhomo pa mnzake sayambira kubwalo kunena chimene wadzera. Amati "Odi!" n'kuima. Wam'nyumba akayankha, mlendo amalowa, amapatsidwa mpando, amalonjerana, kenako ndi pamene nkhani imatuluka. Odiyo alibe nkhani mkati mwake, koma amagwira ntchito zingapo nthawi imodzi: amafunsa ngati muli munthu, amafunsa ngati ino ndi nthawi yoyenera, ndipo amapatsa mwininyumba mpata wokonzeka. Moni wayekha wa pafoni ndi odi ameneyu.

Akatswiri ofufuza mmene anthu amachezera anaziona kalekale zimenezi, mafoni a m'manja asanabwere. M'chaka cha 1968, Emanuel Schegloff, katswiri wa ku America, anasindikiza zimene anapeza atamvetsera mmene anthu ankayambira kulankhula m'matelefoni pafupifupi 500 a ku ofesi ya apolisi yolandirira madandaulo. Iye anaona kuti kucheza kumayamba ndi magawo awiri olumikizana: kuitana ndi kuvomera. Kulira kwa telefoni ndiko kuitana, ndipo mawu oyamba a wonyamula telefoniyo ndiko kuvomera. Anaonanso kuti magawo awiriwa amamanga anthu onse awiri. Woitanidwa ali ndi ngongole yovomera, ndipo akapanda kuvomera, kusayankhako kumamveka ngati nkhani payokha: kulibe, wagona, kapena wakwiya. Woitananso ali ndi ngongole yake: akavomeredwa, ayenera kulankhulanso n'kunena chimene waitanira. Mwana akati "Amayi!" mayi n'kuti "Ee?", mwanayo sangangochokapo osanena kanthu.

Mfundo imeneyi ndi imene imamasulira mkwiyo wa wolandira moni wayekha. Kaliwu kamodziko kamusenzetsa ngongole yoyankha asanadziwe kuti akulowa m'nkhani yanji. Ndipo imamasuliranso mtima wa wotumiza, yemwe m'maganizo mwake sanathe kulankhula ayi, wangoyamba kumene, ndipo akudikira chilolezo choti apitirize.

Pali moni winanso amene safuna n'komwe kufika pa nkhani. Bronisław Malinowski, amene anakhala nthawi yaitali pakati pa anthu a ku zilumba za Trobriand kufupi ndi New Guinea, analemba m'chaka cha 1923 za mawu amene anthu amalankhula pofuna kungosunga ubale, monga kufunsana za moyo kapena kunena za nyengo yomwe aliyense akuiona ndi maso ake. Amene anakulira kwathu kuno safunika kuphunzitsidwa zimenezi. "Mwadzuka bwanji?" wa pamsewu sakhala chiyambi cha pempho. Ndiye nkhani yonse imeneyo, ndipo munthu amene wakudutsa osakupatsa moni wakuuza kanthu koopsa kuposa amene wakuyankhula mawu ambiri.

Pamene foni imasokoneza

Pakhomo, odi ndi kuvomera kwake zimatenga kanthawi kochepa kwambiri chifukwa anthu onse awiri ali pamalo amodzi pa nthawi imodzi. Pa WhatsApp kapena Messenger sizili choncho. Uthenga umapita n'kukadikira. Wolandira akhoza kukhala m'kalasi, pa minibasi, kumunda kumene netiweki imavuta, kapena bandulo yamuthera. Chidachi chinapangidwa kuti munthu asiye nkhani yonse, mnzake akaipeze pa nthawi yake. Koma chimaoneka ngati kucheza kwa pamaso ndi pamaso, chifukwa chimakuonetsa kuti mnzako ali "online", kuti akulemba, kapenanso nthawi imene anatsegula komaliza. Ndiye anthu amachigwiritsa ntchito ngati ali pakhonde limodzi, chonsecho wina ali ku Mzuzu wina ku Joni.

Tiyerekeze nkhani iyi, yomwe si ya munthu weniweni koma aliyense aizindikira. Mnyamata wa pa koleji wauzidwa kuti ndalama ya mayeso, K45,000, iyenera kulipiridwa lero ofesi isanatsekedwe 4 koloko masana. Amene angamuthandize ndi amalume ake, omwe ndi aphunzitsi a pulayimale. Nthawi ili 7:15 m'mawa, mnyamata akulemba kuti, "Moni amalume." Amalumewo alowa kale m'kalasi ndipo foni ili m'chikwama. Akuiona 10 koloko pa nthawi yopuma, n'kuyankha kuti, "Zikomo mphwanga, wadzuka bwanji?" Pa nthawiyo foni ya mnyamata ili pa chaji kwa mnzake. Akuitenga cha m'ma 12:30 n'kulemba kuti, "Ndadzuka bwino, kaya inu ndi azakhali?" Amalume akuweruka 2 koloko: "Tonse tili bwino." Mnyamata akuona 3:20, ndipo popeza nkhani ya ndalama ndi yolemera pakamwa, akuponyanso sitepe ina: "Ndinali ndi kankhani amalume." Amalume ali pa njinga kubwerera kunyumba. Akuyankha 5:10 kuti, "Nena." Pempho lenileni likufika 5:15, ofesi itatsekedwa kale.

Mauthenga asanu ndi limodzi adutsa, maola 10 apita, ndipo palibe amene walakwitsa chilichonse pa mwambo. Mnyamata walemekeza amalume ake, amalume ayankha nthawi iliyonse imene anagwira foni. Chikhalirecho ndalama inali mu Mpamba mwawo kuyambira m'mawa, ndipo akanadziwa pa nthawi yopuma ija akanaitumiza pomwepo. Chimene chadya tsiku ndi chakuti sitepe iliyonse ya malonje, yomwe pakhonde imatenga mpweya umodzi, pafoni yatenga pakati pa ola limodzi ndi maola atatu.

Mnyamatayo akanatha kusunga ulemu wonse n'kupulumutsa tsiku lake polemba uthenga umodzi wotere: "Moni amalume, mwadzuka bwanji ndi azakhali? Pepani kukuvutitsani m'mawa uno. Kusukulu akufuna K45,000 ya mayeso lero isanakwane 4 koloko. Ngati n'kotheka mundithandize, ndipo ngati sizitheka mundiuze msanga kuti ndiyese kwina." Moni alipo, kupepesa kulipo, ndipo amalume apatsidwa ngakhale khomo lotulukira ngati alibe. Chimene chachoka ndi kudikira kokha.

Zifukwa zimene anthu sanena

Komabe kungouza anthu kuti "lembani zonse pamodzi" sikukwanira, chifukwa ambiri amene amatumiza moni wayekha ali ndi chifukwa, ngakhale iwo eni sangachitchule.

Chachikulu ndi kulemera kwa pempho. Munthu amene akufuna kubwereka ndalama, kupempha malo ogona m'tauni, kapena kufunsa za ntchito amaopa kukanidwa, ndipo amaopanso kuika mnzake pamalo oti akane. Ndiye amayamba waponya kamwala kuti aone kuya kwa madzi. Mukayankha msanga ndi mokoma, amadziwa kuti njira ilipo. Mukayankha mawa lake ndi liwu limodzi louma, amangoti "Ndimangokupatsani moni" n'kubwerera, ndipo palibe amene wachita manyazi, chifukwa pempho silinanenedwe ndipo silinakanidwe. Ndimaona kuti anthu amene amanyoza moni wayekha saganizira mokwanira za ntchito imeneyi. Moniyo amateteza ubale wa anthu amene adzakumanabe pa maliro ndi pa ukwati. Kuipa kwake n'kwakuti wolandira nayenso anaphunzira kale masewerawa. Ambiri akaona "Mwasowatu" kuchokera kwa munthu amene sanalankhule naye chaka chathunthu amayamba kuwerengera m'thumba, ndipo ena amangosiya osatsegula. Motero moni amene amayenera kufewetsa pempho amasanduka chenjezo lake.

Chifukwa china ndi kusiyana kwa misinkhu ndi maudindo. Wantchito kwa bwana wake, mkamwini kwa apongozi, mkhristu kwa abusa, wophunzira kwa mphunzitsi: onsewa amamva kuti si malo awo kutula nkhani asanapatsidwe mpata. Akatumiza "Mwaswera bwanji bwana" n'kudikira, akuchita zomwe akanachita pakhomo la ofesi, kuima mpaka atauzidwa kuti alowe. Bwana amene amakwiya nazo ayenera kudziwa kuti makiyi ali ndi iye. Akangonena kamodzi kuti, "Mukakhala ndi nkhani muzingolemba yonse, ndiziyankha ndikapeza mpata," ambiri amasintha tsiku lomwelo, chifukwa chimene ankadikira ndi chilolezo chimenecho.

Pali chifukwa chinanso chomwe anthu okhala ndi foni yawoyawo amaiwala. Si foni iliyonse imene ili ndi mwini mmodzi. M'mabanja ambiri foni imodzi imagwiridwa ndi bambo, mayi ndi ana, ndipo kumudzi uthenga wa agogo umadzera pa foni ya mdzukulu kapena ya oyandikana nawo nyumba. Ngakhale foni ya munthu mmodzi imaonetsa chiyambi cha uthenga pagalasi isanatsegulidwe, pomwe aliyense amene ali pafupi akhoza kuwerenga. Nambala nazonso zimasintha manja: munthu akataya simu kapena akaisiya nthawi yaitali, kampani imatha kuipereka kwa wina. Choncho munthu amene ali ndi nkhani ya matenda, ya banja kapena ya ngongole amayamba ndi "Mulipo?" kuti atsimikize kuti amene wagwira foniyo ndi amene akumufuna. Apa moni wayekha ndi nzeru, ndipo sindingalangize aliyense kuti asiye. Chimene chingathandize ndi kuwonjezera mawu ochepa osaulula kanthu, monga "Ndili ndi nkhani yofuna inuyo nokha, mundiuze mukakhala panokha."

Tisaiwalenso kuti tinazolowera kale kulankhula ndi chizindikiro chopanda mawu. WhatsApp isanafale, kufulasha kunali ponseponse: kuimba kamodzi n'kudula mnzako asanayankhe. Jonathan Donner, amene anafufuza za chizolowezichi ku Rwanda, analemba m'chaka cha 2007 kuti kufulasha kunali ndi matanthauzo osiyana. Kwina kumatanthauza "ndiimbire", kwina kunali chizindikiro chimene anthu anagwirizana kale monga "ndafika", ndipo kwina kunali kungonena kuti "ndikukuganizira". Kulira kwa foni kunali kumodzimodzi, koma wolandira ankadziwa tanthauzo poona amene wafulasha ndi zimene zili pakati pawo. Moni wayekha walowa m'malo omwewo, ndipo amawerengedwa mwa njira yomweyo.

Zifukwa zina n'zazing'ono ndipo zimachokera ku chida chenichenicho. Pa kompyuta, batani la Enter limatumiza uthenga m'mapulogalamu ambiri ochezera, ndipo munthu amene sadziwa kuti Shift+Enter imatsitsa mzere amapezeka watumiza moni yekha pamene akulembabe zotsalazo. Wina amalemba pang'onopang'ono, wina waitanidwa atangotumiza mzere woyamba, wina netiweki yadula pakati. Ndipo moni wina salembedwa n'komwe ndi dzanja la munthu. Amalonda amene amatsatsa katundu pa Facebook amadziwa uthenga woti "Is this still available?", umene pulogalamu imalemberatu ndipo wogula amangodina. Telala kapena wogulitsa nsapato akalandira mauthenga otere ambiri ofanana, asaganize kuti anthu agwirizana zomuseweretsa.

Kumene anaukaniratu

M'makampani a zamakompyuta ku America ndi ku Ulaya, kumene anthu amagwira ntchito tsiku lonse pa mapulogalamu monga Slack ndi Teams, moni wayekha anafika potopetsa anthu mpaka ena anatsegula tsamba lotchedwa nohello.net, lomwe ntchito yake ndi kupempha anthu kuti aziika funso lawo mu uthenga woyamba. Ena amaika dzina la tsambali pafupi ndi dzina lawo kuti aliyense wofuna kuwalembera aone. Maganizo amenewa ndi akale ndithu. Pa IRC, njira yochezera pa intaneti imene Jarkko Oikarinen anayambitsa ku Finland m'chaka cha 1988, magulu othandizana pa zamakompyuta ankauza obwera kumene kuti asamapemphe chilolezo chofunsa, azingofunsa.

Chifukwa chawo n'chomveka. Munthu amene akuwerengetsa ndalama za kampani kapena kulemba pulogalamu akadodometsedwa, zimamutengera nthawi kuti abwerere pamene anali. Moni wayekha amamudodometsa kawiri: koyamba kuti ayankhe, kachiwiri funso likabwera. Ndipo ngati anzake ali m'mayiko ena, vuto la amalume lija limakula. Nthawi ya ku India ili patsogolo pa ya ku Malawi ndi maola atatu ndi theka, ndipo ya ku Britain ili m'mbuyo ndi ola limodzi kapena awiri malinga ndi nyengo ya chaka. Moni wotumizidwa madzulo kuchokera ku Mumbai akhoza kuyankhidwa wotumizayo ataweruka, funso n'kugona mpaka mawa.

Pa nkhani ya nthawi, anthu amenewa akunena zoona, ndipo Mmalawi amene wayamba ntchito ku Manchester kapena amene akugwira ntchito ndi bungwe lakunja ali ku Lilongwe achita bwino kudziwa kuti kumeneko moni wayekha akhoza kusiyidwa osayankhidwa, popanda chidani chilichonse, podikira kuti funso lifike. Pamene sindigwirizana nawo ndi pamene amaona wotumiza moni ngati munthu wosaganizira anzake. Lamulo lawolo linabadwira m'malo amene anthu ndi ofanana udindo, mafunso ndi a ntchito, ndipo palibe amene achite manyazi akauzidwa kuti ayi. Kulitenga lamulo limenelo n'kukaliika pakati pa mkamwini ndi apongozi ake ndi kusamvetsa chimene moniyo akugwira.

Kuwerenga kwake

Popeza liwulo ndi limodzimodzi kwa aliyense, tanthauzo lake silipezeka poliyang'anitsitsa. Limapezeka pa zimene zalizungulira, ndipo choyamba ndi kubwerera m'mbuyo m'macheza anu ndi munthuyo. Anthu amabwereza njira zawo. Ngati moni wake wa mwezi watha ndi wa mwezi winawo anathera pa "Tithokoze, ndimangokuonani," ameneyu ndi wosunga ubale, ndipo kumuyankha moni n'kokwanira. Ngati moni aliyense anatsatidwa ndi pempho, lerolinso likubwera, ndipo ndi bwino kuganiziratu yankho. Ngati munthuyo nthawi zonse amalemba nkhani yake mwachindunji koma lero wangoti "Mulipo?", kusinthako ndiko uthenga: pali chinthu chimene chikumulemera.

Nthawi imanenanso zambiri. Moni wa 6 koloko m'mawa wochokera kwa azakhali amene amatumizanso vesi ku gulupu ya banja ndi malonje chabe. Moni wa pakati pa usiku wochokera kwa m'bale amene ali ndi wodwala kuchipatala ndi wofunika kuimba foni pomwepo, osadikira kuti alembe zambiri. Moni wa pa 28 mwezi ukamatha, anthu ambiri amamudziwa. Ndipo "Hi" wa usiku wochokera kwa munthu amene munangopatsana naye nambala pa nkhani ya ntchito kapena ya malonda kawirikawiri amakhala akuyesa ngati pali mpata wa chibwenzi. Amayi ambiri ochita bizinesi amene nambala zawo zili poyera amatopa nawo moni wotereyu, ndipo alibe ngongole yomuyankha. Ngati akufuna kuyankha, funso la ntchito monga "Mukufuna katundu uti?" limabweza nkhani pamalo pake.

Timizere ta WhatsApp timathandiza, koma anthu amatiwerenga mopitirira. Kamzere kamodzi kotuwa kamatanthauza kuti uthenga wachoka koma sunafike pa foni ya mnzanu, mwina chifukwa yazima kapena ilibe deta. Tiwiri totuwa ndiye kuti wafika. Tiwiri tobiriwira ngati thambo, timene kampaniyi inayambitsa mu Novembala 2014, timatanthauza kuti macheza atsegulidwa. Sitinena kuti munthuyo wawerenga modekha, kapena kuti ali ndi mpata woyankha, kapenanso kuti amene watsegula ndi mwini foni. Komanso munthu akhoza kuzimitsa chizindikirochi pa Read receipts, ndipo akhoza kuwerenga moni wanu pagalasi osatsegula n'komwe. Wotumiza moni wayekha amene akuona kuti sakuyankhidwa asathamangire kuganiza kuti wanyozedwa. Nthawi zambiri mnzakeyo waona kuti palibe chofulumira, chifukwa palibe chimene chanenedwa, ndipo waika foni pansi kuti adzayankhe akamasuka. Kutumizanso "Moni" wachiwiri ndi wachitatu, kapena zizindikiro za mafunso zokhazokha, sikusintha kanthu. Chimene chimasintha zinthu ndi kunena nkhaniyo.

Njira yachidule kwambiri yodziwira tanthauzo ndi kuyankha mwa njira yoti moni abwezedwe ndipo khomo litseguke nthawi imodzi. Kwa wamkulu: "Zikomo bambo, ndadzuka bwino, kaya inu? Ndikumva, kaya pali nkhani." Kwa mnzanu: "Bho, zikuyenda? Nena, ndiona ndikatuluka mu msonkhano." Yankho lotere limadumpha masitepe atatu aja amene anadyera mnyamata tsiku, ndipo silikhumudwitsa aliyense. Amalume aja akanalemba 10 koloko kuti "Wadzuka bwanji mphwanga, kuli bwino kusukuluko? Ngati pali vuto nena," ndalama ikanafika nthawi yabwino. Zimene munthuyo achite mukamutsegulira choncho ndi zimene zimamuulula. Wa pempho amalitula, wa malonje amathokoza n'kutsanzika, ndipo amene akungozungulira osafika pa nkhani ngakhale mwamufunsa kawiri ndiye wofunika kumuyang'anitsitsa.

Nambala yachilendo

Zonse zimene ndanenazi zikukhudza anthu amene mumawadziwa. Moni wayekha wochokera ku nambala yosadziwika ndi nkhani ina, chifukwa akuba a pafoni nawonso amayamba choncho, ndipo chifukwa chawo n'chosavuta kumva. Kutumiza "Hi" ku nambala zambirimbiri sikudya ndalama, sikunena bodza lililonse limene lingawagwiritse, ndipo aliyense amene wayankha wawauza zinthu ziwiri: kuti nambalayo ili ndi munthu, ndi kuti munthuyo amayankha alendo. Amadalira ngongole yovomera ija, imene munthu woleredwa bwino amaimva ngakhale kwa munthu amene sakumudziwa.

Zimene zimatsatira zili ndi njira zodziwika. Wina amati walakwitsa nambala, n'kupepesa mwaulemu kwambiri, kenako n'kupitiriza kucheza masiku angapo mpaka atafika pa bizinesi yopindulitsa msanga kapena ntchito yapafoni yolipira tsiku lililonse. Wina amadzitcha m'bale amene wasintha nambala. Ku Britain ndi ku Australia chinyengo chotere chinafala kwambiri cha m'ma 2022, pomwe makolo ankalandira uthenga wooneka ngati wa mwana wawo wonena kuti foni yawonongeka ndipo akufuna ndalama mwachangu. Kwathu kuno timadziwa za amene amati atumiza ndalama molakwitsa pa Airtel Money kapena Mpamba ndipo muwabwezere. Choopsa kwambiri ndi amene amapempha kuti muwauze manambala 6 amene angofika pa foni yanu pa meseji. Manambala amenewo ndi kiyi ya WhatsApp yanu. Mukawapereka, wakubayo amalowa m'dzina lanu n'kuyamba kutumiza moni kwa abale anu onse, ndipo iwo amayankha chifukwa akuona chithunzi chanu.

Apa pali zinthu zingapo zoyang'ana musanayankhe. Chiyambi cha nambala chimanena dziko: +265 ndi Malawi, +260 Zambia, +258 Mozambique, +263 Zimbabwe, +27 South Africa, +44 Britain. Nambala ya dziko limene mulibeko m'bale kapena mnzanu ilibe chifukwa chokupatsirani moni. WhatsApp imaonetsanso ngati muli m'gulupu imodzi ndi nambalayo, ndipo ngati muli limodzi m'gulupu ya mpingo kapena ya makolo a pasukulu, mwina ndi munthu weniweni amene watenga nambala yanu kumeneko. Chithunzi si umboni, chifukwa aliyense akhoza kukopera chithunzi cha munthu wina. Ngati mwasankha kuyankha, funso limodzi likwanira: "Ndani, ndipo nambala yanga mwaipeza kuti?" Munthu wa nkhani yeniyeni amayankha mosavuta, amatchula dzina lake ndi amene wamupatsa nambala. Amene akuti "Simukundidziwa? Taganizani bwino" akufuna kuti inuyo mutchule dzina la m'bale wanu kuti alivale. Ameneyo musamuthandize, dinani Block. Ndipo ngati akudzitcha mwana wanu kapena mchemwali wanu amene wasintha nambala, imbani nambala yakale ija, kapena muimbireni pa yatsopanoyo kuti mumve mawu ake, musanatumize ngakhale tambala.

Kutseka khomo la manambala 6 lija kumatenga mphindi ziwiri: pa Settings, kenako Account, kenako Two-step verification, mumaika nambala yachinsinsi yanuyanu, imene wakuba adzafunsidwe ngakhale atapeza ya pa meseji. Ndi bwino kuwachitira zimenezi makolo ndi agogo amene ali pa WhatsApp, chifukwa iwo ndi amene sangalole moni kudutsa osamubweza, ndipo akuba amadziwa zimenezo.